Amene Tinalephera Kuwaimbira

Chaka chimenecho ndinalembedwa ntchito pa inkeritu yofufuza moyo wa anthu a kuno ku Angoniya amene amagwira ntchito ku Joni. Shefi wathu, wotsogolera ntchitoyo, anali mkulu wina wochokera ku Maputo, ine ndinali womasulira komanso woimba telefoni. Anandilonjeza kuti zikayenda bwino adzanditenganso ku inkeritu ya ku Tsangano, ndipo ntchitoyo ndinkaifunadi.

Vuto linali loti lista ya anthu opita ku Joni kulibe. Ambiri amadutsa m'tchire opanda pasapote. Ndiye musankha bwanji owafunsa?

Ine ndinati tichite maere midzi, m'midzimo tichitenso maere makomo, pakhomo lililonse tilembe aliyense amene ali kunja, ngakhale amene sitingathe kumupeza. Ndinavomera kuti mabanja osamuka onse tiwaphonya, koma pa ena olembedwawo tidziwako kuchuluka kwa amene talephera kuwapeza.

Ashefi anati nthawi palibe, mvula yayandikira. Anasankha zoti tipemphe manambala kwa anthu potuluka Misa ku Fonte Boa, aliyense amene tamuimbira atipatse manambala a anzake. Sindinakane. Njirayo imagwiritsidwa ntchito pamene lista palibe, bola ukanene poyera amene yawasiya.

Koma ine anthu akwathu ndimawadziwa. Mayi ukamufunsa za mwana ali ku Joni, amakupatsa nambala ya amene anamanga nyumba ya malata. Wotchona samutchula, ndi zamanyazi. Mayi anga omwe anapereka nambala ya mphwanga wokonza magalimoto ku Joniko, za achimwene amene anasowa m'mafamu zii. Amene tinkawaimbira nawonso ankatipatsa anzawo a kutchalitchi, okhala m'tauni. A m'mafamu sankapezeka. Opanda mapepala ankangomva mawu achilendo n'kudula.

Relatoriyo, lipoti la inkeritu ija, italembedwa koyamba inayamba ndi mawu oti anthu a ku Angoniya ali ku Joni amakhala mokhazikika ndipo salekana ndi kwawo. Ndinalemba tsamba lathunthu lofotokoza amene tinawafunsa ndi amene tinawaphonya, n'kukawapatsa ashefi ku ofesi ku Ulongwe.

“Ashefi, lembani kuti Akatolika okhala ndi telefoni amene mayi awo amawanyadira. Musalembe kuti anthu a ku Angoniya.”

“Inu ntchito yanu ndi kumasulira,” anatero, osakweza mutu. “Otituma akawerenga izi aziti sitinagwire ntchito.”

“Tinagwira. Koma tinaimbira okhuta okhaokha.”

“Mwayamba liti uprofesa, bambo?”

Ndinamenya tebulo, makapu mpaka kugwa, zimene sindikunyadira. Ndinawauza kuti dzina langa alichotse pa relatoriyo ngati tsambalo sililowa.

Dzina analichotsadi. Tsamba lija analifinya mpaka kutsala mzere umodzi kumapeto, wa zilembo zing'onozing'ono, woti mwina si onse amene anafikiridwa. Ku Tsangano anapita ndi womasulira wina, ine ndinabwerera kumunda kwanga ku Lifidzi kukabzala nyemba.