Lole ya a Giya Idalowera Kumanzere

"Mizere iwiriyi, wonama ndi uti?" a Giya adafunsa mwana wawo wamkazi, chala chili pagalasi la kompyuta.

Dzina loti Giyali adalitengera kuntchito, kumene adayendetsa malole zaka makumi awiri mpaka mwendo wamanja udafooka. Chisiyireni ntchito ankangokhala pakhonde, kumatchula mtundu wa galimoto iliyonse yodutsa pongomva kulira kwa injini. Anzawo atawaona akufota, adawagulira chiwongolero cholumikiza kukompyuta kuti aziseweretsa gemu ya malole. Wasitolo adati chikapanda kuwathandiza achibweze pasanathe sabata, ndipo tsikulo linali lomaliza.

Patsamba logulitsira gemuyo panali mizere iwiri ya zimene kompyuta iyenera kukhala nazo. Wakumanzere unkati ramu, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwira panthawiyo, ikhale magiga asanu ndi atatu, wakumanja khumi ndi asanu ndi limodzi. Yawo inali ndi asanu ndi atatu. A Giya adali atabwezera kale chiwongolero m'katoni.

"Palibe wonama, ababa," adatero mtsikanayo, amene chimalizireni sukulu ankangoyendayenda m'nyumba kusowa chochita. "Wakumanzere, minimamu, ukuti gemu ilira ndipo iyenda, koma muchepetse zokongoletsa. Wakumanja, rekomendedi, ndi woti iyende myaa, zithunzi zili zooneka bwino."

"Ndiye kuti wina akunena za kukwera phiri pa giya wani, wina pa giya folo?"

"Eya. Koma yonseyo siilumbira. Ndi zimene opanga adayesa pa makina awo."

A Giya adang'ung'udza. Moyo wawo wonse sadanyamukepo ulendo asanazungulire lole ndi kumenya tayala lililonse, choncho adalamula kuti aone chimodzichimodzi. Purosesa, ubongo wa kompyutayo, idapitirira mzere wakumanzere. Khadi la zithunzi lidangoupitirira pang'ono.

"Likanapanda kufika limeneli, ramu yambiri sikanatipulumutsa," mtsikanayo adatero.

Chimene chidaperewera ndi malo padisiki, ndipo mafilimu asanu a mtsikanayo adafufutidwa iye akuyang'ana kumbali.

Gemu italowa, mtsikanayo adazimitsa mithunzi, nkutsitsa kuwala kwa madzi ndi kuchuluka kwa udzu. Lole idatulukira pamsewu. Mitengo inkaoneka ngati matsache obzalidwa chozondoka, ndipo polowa m'tauni chithunzi chinkatsimphina pang'ono.

"Aka nkadzenje chabe," adatero a Giya. "Ndidayendetsapo lole yoti chitseko timamanga ndi waya."

Adakhota pa mphambano bwinobwino, chigongono chili m'mwamba ngati pali zenera, akukalipira kagalimoto kofiira kamene kadawadula kutsogolo. Mayi a m'nyumbamo adasuzumira kuchokera kukhitchini, nkutenga katoni ija kukasungiramo nsapato.

Pamwamba pa tsamba lija panali kanema wotsatsa gemuyo, wojambulidwa zokongoletsa zonse zili zoyatsa, mvula ikunyezimira paphula. Mtsikanayo adali atakonza zowaonetsa kuti adziwe zimene makina amphamvu amatha. Atawayang'ana akuimba kamluzu pachiwongolero, adatseka tsambalo, nkutsimikiza mumtima kuti kanemayo sadzawaonetsa.