Malata Amene Anaperewera

Nditabwerako ku Joni ndinafuna nyumba ya njerwa kwathu ku Ndunde, ya mafiti 24 m'litali. Mmisiri wa m'mudzimo anati ndimpatse makwacha awiri kuti andiwerengere zofunika. Ndinakana. Masamu ndinaphunzira mpaka Sitandade 5.

Ndinawerenga ndekha. Ndinapeza njerwa zikwi khumi zomanga ndi dothi, simenti matumba khumi a pansi pokha, mchenga ngolo zinayi, ndi malipiro a mmisiriyo. Kusitolo ndinayeza lata limodzi, linali mafiti awiri ndi theka m'lifupi. Ndinagula makumi awiri, khumi mbali iliyonse ya denga. Ndalama zinathera pomwepo.

Tsiku lokhoma, malata anatha mmisiri ali pakati pa chipinda cha ana.

"Achimwene, malata timakhoma mosanjikiza m'mphepete," anatero ali pamwambapo. "Limodzi limafolera mafiti awiri basi. Komanso denga limapitirira khoma. Pakufunika ena sikisi."

"Bwanji simunanene?"

"Munandifunsa?"

Potsalapo ndinafolera ndi udzu. Mvula inkalowa polumikizira, n'kumasungunula dothi la pakati pa njerwa. Mu Febuluwale khoma la chipindacho linagwa. Ana anga anayi anakula akugona pabalaza.