Kabokosi kamene anachonga

Chaka chimene asibweni anamwalira ndinali ndangoyamba kumene uphunzitsi, ndipo Chingerezi chinkandiyabwa pakamwa. Asibweni ndi amalume, kwathu ku Nkhata Bay timawatchula choncho. Anali mlongo wawo wa mayi anga, ndipo sukulu yanga yonse analipira ndi iwowo, ndi ndalama za ukalaliki wa kumigodi ya ku Halale. Atabwerako anapeza ntchito yosunga katundu kudoko, ndipo mwezi uliwonse ankadulitsa kangachepe ku kampani ina ya inshuwalansi ya ku Blantyre. Anthu ankawaseka kuti akulipira imfa isanabwere. Imfayo inabweradi, nthawi ya mvula, m'chipatala cha pa boma.

Anasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, msuwani wanga, amene anali Sitandade 8. Mkazi wawoyo ndinkawaitana kuti Ama. Ankagulitsa usipa wouma ndi chinangwa mumsika, ndipo sankawerenga Chingerezi. Maliro atatha anatulutsa m'thiranki envelopu yakhaki ndi kundipatsa.

"Asambizi," anatero, kutanthauza aphunzitsi, pakuti kuyambira tsiku limene ndinagwira choko anasiya kunditchula dzina, "izi ndi za anthu a sukulu. Mwanayu akakhoza mayeso, fizi ili m'menemu."

Ndinalandira envelopuyo ngati ndikulandira udindo wa DC. M'kati munali chikalata cha inshuwalansi cha masamba angapo, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Ndinayang'ana tsamba loyamba, ndinaona dzina la asibweni, ndinakhutira. Ndinadzaza fomu yopemphera ndalama m'dzina la Ama, iwo anadinda chala, ndinaikamo kalata ya imfa ya kuchipatala ndi chikalata chija, ndipo ndinakaponya ku positi. Pobwerera ndinadzera dala mumsika kuti anthu andione, ngakhale kuti pachipata ndinayamba ndafufuza khadi la chipani m'matumba onse thukuta lili kamukamu.

Yankho linabwera patapita milungu ingapo. Anabweza chikalata cha asibweni, ndipo pamwamba pake panali pepala limodzi lodinda kale. Linkati pempho lathu silinavomerezedwe. M'munsi mwake munali mndandanda wa zifukwa zimene kampani imakanira kulipira, chilichonse ndi kabokosi kake: kuti mwini wake analeka kupereka ndalama za pamwezi, kuti palibe umboni wa imfa, kuti dzina la womwalira likusiyana ndi la pa chikalata, kuti anabisa matenda polembetsa, kuti imfa inanenedwa mochedwa. Chomaliza chinali chakuti wopemphayo si amene mwini chikalata anamulemba kuti adzalandire. Kabokosi komalizaka ndi kamene anachonga ndi inki yobiriwira, ndipo pambali pake wina analemba pamanja kuti tione tsamba lachitatu la chikalata.

Ine inki yobiriwirayo ndinaiona, sindinama. Koma magazi anali atandikwera kale kumutu pa mzere woyamba. Asibweni kuleka kulipira? Munthu amene ankabweza ngakhale singano yobwereka? Kubisa matenda? Mkulu wa mpingo? Ndinawerenga mndandanda wonsewo ngati milandu isanu ndi umodzi imene atiimba, ndipo wachisanu ndi chimodziwo ndinaumva motere: anthu a ku Blantyre akuti Ama si mkazi wa asibweni.

Ndinathamangira kumsika ndi kuwauza zimenezo.

"Mwe!" anatero Ama, atagwira pakamwa. "Ine wa ukwati wa m'tchalitchi? Ng'ombe zinapita kwathu zija zinali za yani?"

Amayi ogulitsa nawo anasonkhana, ndipo pofika masana msika wonse unkadziwa kuti ku Blantyre kwatukwanidwa mkazi wamasiye. Mayi wina wa pa benchi loyandikana anafunsa ngati si bwino kudikira bambo wa kampaniyo, amene ankabwera kumapeto kwa miyezi ina kudzalemba aphunzitsi ndi anamwino. Ndinamuyankha kuti nkhani yafika pamenepa si ya munthu woyenda ndi chikwama, ndi ya akuluakulu. Akuluakuluwo ndimanena ine.

Ndinabwereka makina otayipira ku ofesi ya ahedi ndi kulemba kalata ya masamba anayi. Kalata imeneyo ndinkainyadira kuposa satifiketi yanga. Ndinayankha mlandu uliwonse pawokha. Pa za kulipira ndinaikapo mapepala a malipiro a asibweni osonyeza kuti ankadulidwa mwezi ndi mwezi. Pa za imfa ndinapita kwa abusa kuti alembe kuti anaika maliro ndi iwowo. Pa za dzina ndinalongosola mtundu wathu kuyambira kwa agogo. Pa za matenda ndinalumbira kuti asibweni ankakwera chitunda cha pa boma osapumira. Kenako ndinaikamo mtchatho wa ukwati, ndi chithunzi cha tsiku laukwatilo, Ama atavala velo, asibweni ali ndwii ngati awagwira ndi mbuzi yakuba. Mawu aakulu onse amene ndinawaloweza ku koleji ndinawapezera malo. Masiku amenewo kalata yodandaula unkailemba ukuyang'ana kumbuyo, choncho ndinamaliza ndi kuyamikira mtendere ndi chitukuko cha m'dziko muno. Tsamba lachitatu la chikalata sindinalitsegule. Ndinalibe nthawi, ndinali pa nkhondo.

Kalata ili m'njira, zotsatira za mayeso zinatuluka. Msuwani wanga anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana yogonera komweko. M'sukulu yathu yonse anasankhidwa owerengeka chabe, ndipo mtsikana anali iye yekha. Ama analulutira mpaka mawu anasasa. Pankafunika fizi, yunifolomu, bulangeti, sutikesi, ndowa ndi ya basi. Sukulu inanenetsa kuti amene safika masabata oyambirira malo ake apatsidwa kwa wina. Achibale anali atathera pa maliro, ine malipiro anga oyamba anali asanayambe n'kubwera komwe, ndipo aliyense ankati palibe chodandaula popeza asambizi akuyendetsa za inshuwalansi. Inenso ndinkatero.

Yankho lachiwiri linafika sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira. Linali pepala lomwe lija, kabokosi komwe kaja, inki yomwe ija. Kusiyana kwake kunali kwakuti wolembayo anadula mizere iwiri kunsi kwa mawu akuti tsamba lachitatu. Chithunzi cha ukwati anabweza bwinobwino atachikulunga m'pepala. Ndinapsa mtima kwambiri moti ndinayamba kalata ina, yoopseza kuti ndipita kwa loya, ine amene ndinali ndisanaonepo loya ndi maso.

Ndili pakati pa kalata imeneyo ndinamva kuti bambo wa kampani uja wafika ndipo wakhala pa khonde la resitihausi. Ndinavala tayi ndi kupita kukamuonetsa. Anali munthu wa kummwera, wonenepa, akupukuta thukuta la kwathu ndi kathaulo. Anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya.

"Aphunzitsi, kalata yanu ija ndinaimva mbiri ku ofesi," anatero. "Akuti munalemba bwino zedi."

Ndinakonza tayi.

"Koma m'mabokosi asanuwa mulibe chongi. Amenewa si anu. Pepalali timatumiza kwa aliyense, ndiye chifukwa chake zifukwa zonse zili pamenepo. Chanu ndi chimodzi ichi. Kuti bambowa ankalipira, sitinakane. Kuti anamwalira, sitinakane. Kuti mayiwo ndi akazi awo, sitinakanenso."

"Nanga mukuwamana bwanji?"

"Ife sitilipira ukwati ayi. Timalipira munthu amene mwini wake anamulemba. Akanakhala kuti sanalembe aliyense, bwenzi tikukamba zina. Koma analemba. Chikalatacho muli nacho?"

Ndinali nacho m'thumba la jekete, monga ndinali nacho masiku onse. Ananyowetsa chala, anatsegula tsamba lachitatu, ndi kuwerenga dzina mokweza. Kenako anafunsa ngati munthu ameneyo ndikumudziwa komanso ngati ali moyo, chifukwa ndi yekhayo woyenera kudzaza fomu ndi kubweretsa umboni wakuti ndi iyeyo.

Ndinati ali moyo. Anafunsa ngati amakhala kutali. Ndinati ayi, sakhala kutali kwenikweni.

Linali dzina langa. Asibweni anachita zimene akuluakulu ambiri a kunyanja kuno ankachita: za mwamuna amaziyang'anira ndi mwana wa mlongo wake, ndipo iyeyo ndiye amaona za mkazi ndi ana otsala. Anandilemba ndili Fomu 2. Miyezi yonse ija ndinkafunafuna mdani amene watsekereza ndalama za Ama, ndipo mdaniyo ndinkamumeta ndevu m'mawa uliwonse.

Bamboyo sanaseke, ndipo ndimamuthokozabe. Anatulutsa fomu ina m'chikwama, ndinadzaza pomwepo, ahedi anachitira umboni, basi. Zonse zinatenga nthawi yochepa kuposa imene ndinataya posankha mawu otsekulira kalata yanga ija.

Kuwauza Ama ndiye kunali kovuta. Ndinawapeza akuwola chinangwa chimene anayanika pa thandala. Ndinayamba ndi za malamulo a makampani, ndinazungulira, mpaka anandidula.

"Ndiye kuti sananditukwane?"

"Ayi, Ama."

"Dzina lake ndi la yani?"

Ndinawauza. Anapitiriza kuwola chinangwacho kwa kanthawi, osandiyang'ana.

"Ankanena asibweni anu," anatero. "Ankati ndikadzafa simudzavutika, ndasiya mwana wodziwa kuwerenga."

Sananene mokalipa. Zikanakhala bwino akanakalipa.

Cheke chinabwera m'dzina langa, koma makampani sathamanga chifukwa chakuti iwe wachedwa. Ndinalembera ahedi a kusekondale kuja kupempha kuti adikire, ulendo uno kalata ya mizere isanu yokha, ndipo anayankha mwaulemu kuti malo anaperekedwa kale. Ndalama ndinakatula zonse m'manja mwa Ama, iwo anathokoza kuti yewu, ndi kukazisunga ku positi kudikira chaka chamawa. Msuwani wanga anabwereza Sitandade 8.

Chaka chimenecho ahedi athu anandipatsa kalasi yomweyo, phunziro la Chingerezi, poti anamva kuti ndimalemba bwino. Mwanayo ankakhala kutsogolo, pafupi ndi tebulo langa, atavala yunifolomu ya pulayimale imene inali itamuthina m'mapewa. Mayeso atayandikira ndinaima pa bolodi monga amachitira mphunzitsi aliyense, ndi kulemba ndi zilembo zazikulu lamulo loyamba la m'chipinda cha mayeso, lakuti werengani funso musanayambe kuyankha. Nditatembenuka ndinapeza ana ena onse akuyasamula. Iye yekha anali atawerama, akukopera mawuwo m'kope mwake mosamala, ndipo atamaliza anatenga rula ndi kudula mizere iwiri kunsi kwake.