Malemu Kapena Basi Yochedwa

Pa wailesi pathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Tonse timangoti a Wachitandani, ndipo iwo amavomera bwinobwino. M'mawa uliwonse timakhala awiri mu situdiyo, nyuzipepala za Chingerezi zili mbwee patebulo. Ine ndimawerenga mutu wa nkhani monga walembedwera, iwo n'kuuza omvera m'Chichewa chomveka.

Musaone ngati n'zophweka, iyayi. Olemba mitu ya nkhani ndi anthu oumira mawu koopsa. Malo amawachepera, ndiye amataya timawu tolumikizira, zadzulo n'kuzilemba ngati zikuchitika pompano. A Wachitandani amati mutu wa nkhani uli ngati malaya ofinya pochapa, uyenera kuwatambasula kaye kuti uone kuti ndi a ndani. Amauloza ndi pensulo yawo yolumaluma ija n'kuyamba kuufunsa: "Wachita ndani? Wachita chiyani? Zachitika kale kapena zichitika?" Ndipo samasulira mutu asanawerenge ndime yoyamba ya nkhaniyo, olo nthawi itathina bwanji.

Ine ndine wapamtima, ndiye timakangana. "Bambo, mutuwu ngosavuta, tiyeni nazoni!" Iwo phee, chala chili pandime. Ngakhale wa Chichewa sausiya. Tsiku lina tsamba lina linati "Mtengo wagwa pamsika", ine ndasekerera kale kuti zinthu zatchipa, iwo n'kufunsa kuti, "Mwanawe, mtengowo ndi wa masamba kapena wa zinthu?" Akazi awo amati kunyumba ukanena kuti mchere watha, amafunsa kuti wautha ndani. Mayi aja ndi opirira, ndithu.

Mwana wawo wamwamuna amayendetsa basi za maulendo ataliatali. Sabata ina kunagwa chimvula chosaleka, ndipo basi yake imene inayenera kufika masana sinafike. Foni yake sinkapezeka, a kampani ankangoti dikirani. M'mawa mwake a Wachitandani anabwerabe kuntchito, tayi ili pambali, maso ali psuu.

"Mayi ake ali pafupi ndi wailesi," anandiuza. "Akuti mwina nyuzi zinena kanthu."

Nyuzipepala zinabwera mochedwa, zitanyowa m'mbali, nyali yofiira ya mu situdiyo yosonyeza kuti tayamba kuulutsa itayaka kale. Ndinatenga yapamwamba. Panali chithunzi cha basi ya mwana wawo ija ili pafupi ndi mtsinje wosefukira, ndipo pamwamba pake panalembedwa kuti LATE BUS DRIVER HAILED. Nkhani yake inali patsamba lachitatu.

Mawu oti "late" ndi achinyengo. Akhoza kutanthauza wochedwa, akhozanso kutanthauza malemu. Ndipo pamutupo sungadziwe ngati akukamba za basi kapena za dalaivala. "Hailed" ndiye kuti wayamikiridwa, koma inu mukudziwa kuti anthu timayamikira kwambiri munthu akapita.

Ndinaika nyimbo msangamsanga n'kutseka maikolofoni.

"Bambo, uwu tiudumphe."

"Ayi. Nyuzi ili kale m'misewu. Wina aimasulira mwa iye yekha n'kuthamangira kwathu ndi misozi. Mayi ake amve kwa ine."

Anayamba kutsegula nyuzipepalayo. Masamba onyowa anakakamirana, iwo n'kumanyambita chala, tsamba likukana. Ndinafuna kuwalanda, koma anandigwira dzanja. Atafika patsamba lachitatu anaika pensulo pandime yoyamba, milomo ikuyenda yokha, ndipo ndinawamva akunong'ona funso lawo lomwe lija: "Wachita ndani?" Ine ndinayang'ana kukhoma. Ndinkaopa, ndisaname, ndinkaopa kwambiri.

Nyimbo inatha. Ndinatsegula maikolofoni n'kuwerenga mutuwo. Iwo anakonza tayi, n'kuyandikira.

"Omvera athu, mutuwu ukutanthauza kuti apolisi ayamikira dalaivala wa basi imene yachedwa, yomwe inayenera kufika dzulo. Dalaivalayo anakana kuwoloka mlatho umene madzi anali atayamba kuukwera, ngakhale okwera ena ankamukalipira. Mlathowo unakokoloka pambuyo pake. Yochedwa ndi basi. Anthu onse ali bwino, ndipo akudikira kuti madzi aphwe."

Ndinakweza nyuzi ina kuti tipitirire, koma iwo anatukula chala. Munthu amene amandikalipira ndikawonjezera ngakhale liwu limodzi losapezeka m'nkhani, tsiku limenelo anawonjezera ziganizo zathunthu.

"Mayi a mwana, mwamva? Ali moyo. Tsekulani makatani, mudye kanthu."

Kenako anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, kupukuta osamaliza. Mutu wotsatira ndinaumasulira ndekha, nditawerenga kaye ndime yoyamba.