Makadi a Mitengo pa Kantini Yanga

Ine ndi amene ndinayamba kulemba mitengo pa katundu kuno ku Chinyonga. Ine! Afunseni okalamba amene atsala, ngati atsala. Sukulu ndinalekera ku Sabu B, kalasi yachiwiri, zilembo zanga n'zopindika ngati miyendo ya nkhanu, koma nambala sindisokoneza.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri m'sitolo ya Mmwenye wina ku Limbe, njanji itangofika kumene. Ntchito yanga inali kuitanira anthu pakhonde ndi kuyeza nsalu pa ndodo ya yadi, poti mawu anga ankamveka mpaka ku siteshoni. M'sitolomo mtengo unali m'mutu mwa bwana. Munthu akalowa, bwana ankayamba wayang'ana kumapazi. Wa nsapato mtengo wake, wa ming'alu mtengo wake, wochokera ku fodya atangolandira kumene malipiro mtengo wakenso. Ine ndinkangotanthauzira m'Chinyanja, nkhope ili gwa. Amayi a kwathu ankandiyang'ana potuluka, ndipo maso amenewo ndimawaonabe.

Tsiku lina anandituma ku sitolo ya Azungu ku Blantyre. Ife ankatigulitsira pawindo. Nditasuzumira ndinaona timakadi toyera pa mashelefu, kanthu kalikonse ndi nambala yake, dona akungowerenga n'kulipira, popanda kukangana. Ndinati mumtima, kantini yanga idzakhala chonchi.

Ndinaimanga ya zidina, m'mbali mwa njira yopita ku Limbe. Katundu ndinkaoda kwa bwana wanga wakale yemweyo, kunalibe kwina. Aphunzitsi a ku mishoni anandilembera makadi: mchere, sopo, machesi, palafini, nsalu ya biriwita. Poti ambiri sankawerenga, pansi pa nambala ndinkaika kobiri n'kulizunguliza ndi pensulo. Mabwalo atatu, ndiye kuti makobiri atatu, tiki. Ngakhale gogo wosaona bwino ankatha kuloza ndi chala. Khadi lalikulu ndinalikhoma panja, pa mtengo wa mango.

Mkazi wanga anati, "Bambo, mwavula malaya pamsewu. Mtengo sauyanika."

"Khala chete iwe, ukudziwa chiyani za malonda?"

Sabata yoyamba anthu anadzaza. Amayi ena ankaopa kulowa, akuti chikalatacho n'cha msonkho. Ndinatuluka n'kufuula kuti mtengo ndi umodzi, kwa mfumu ndi kwa wamasiye.

Oyamba kukhumudwa anali apongozi anga aamuna. Anagwira biriwita nati, "Nanga ife, mkamwini?"

"Zalembedwa apo, bambo."

"Pepala limeneli ndi limene linakupatsa mkazi?"

Anatuluka osagula, ndipo mbumba yawo yonse inasiya kubwera. Basela nayenso ndinkakana, kaja kamchere kapena singano koonjezera munthu akagula. Ndinkati ndikapatsa uyu n'kumana uyo, khadi lija lanama.

Kenaka ndinayamba kuona chinthu. Anthu ankaima pa mango paja, kuwerenga mabwalo ndi chala, milomo ikugwedera, n'kupitirira ulendo wa ku Limbe. Madzulo ankadutsa ndi mitolo pamutu, akuyang'ana kumbali.

Ndinaimitsa mayi wina wa ku tchalitchi kwathu. "Mayi, nsaluyo mwagula kuti?"

Anaseka mwamanyazi. "Musakwiye abambo. Ndinamuuza Mmwenye kuti kwa achikulire aja yadi ndi sheleni, zalembedwa. Anachotsapo kobiri, n'kundiponyera ulusi. Kale akanandiuza sheleni ndi makobiri sikisi. Mwatithandiza zedi."

Mwatithandiza zedi!

Ndinapita kwa bwana uja ndili ndi ukali. Anandipatsa mpando, anandipatsanso tiyi, chinthu chimene sanachitepo zaka zonse zija. Anati, "Iwe umagula kwa ine. Mtengo wako uli pa mango, ndikuudziwa. Wanga sukuudziwa. Chotsa mapepala, uzinenerera ngati anzako, udzadya."

Sankanama. Iye akanatha kutsika kobiri limodzi chaka chonse osamva kuwawa, n'kulibweza pa mlendo wosadziwa za mango. Ine kobiri limenelo ndiye linali phindu langa lonse.

Mkazi wanga analira kuti ndichotse. Ndinagwira khadi la panja, msomali ndinaugwedeza ndithu, koma ndinaona maso aja a ku Limbe. Ndinalikhomereranso.

Mvula ya chaka chachiwiri isanathe, palafini anauma m'chigubu, mchere unachita madzi, mashelefu anatsala ndi makadi okhaokha. Ndinatseka. Ndinakalowa ntchito yonyamula mabelo a fodya, ine mwini sitolo. Amene anatsegula kantini pambuyo panga sanalembe kanthu, ndipo ana awo ali ndi nyumba za malata.

Khadi la pa mango linakhala mpaka linafufutika ndi dzuwa. M'mawa wina ndikumanga lamba kupita ku mabelo, kunabwera gogo wina, nkhope yachilendo, nagogoda ndi ndodo.

"Odi, eni sitolo. Mabwalo aja afutika, sakuoneka. Talembaninso, ndikupita ku Limbe."

Pensulo ndinali nayo. Kobiri lozungulizira munalibe m'nyumba.