Anatsanzika Bwino ku Ntchito

Bambo a ana anga anali akauntanti pa kampani ina yogulitsa simenti, malata ndi zitsulo ku Biwi. Manambala ankawadziwa, koma kulemba Chingerezi kunkawavuta pang'ono. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ya pulaiveti ku Kawale, komwe tinkachita lendi. Nchifukwa chake Lamulungu lina titabwera ku tchalitchi anandiikira laputopu pamiyendo.

"Taonani ngati zikumveka," anatero.

Inali imelo yosiyira ntchito. Za ulendo wa ku Mangalande ndinkazidziwa. Mnzawo wina wa ku koleji anawapezera malo osunga mabuku a ndalama pa kampani yosamalira okalamba, ndipo tinagwirizana kuti iwo atsogole, ine ndi ana awiri tidzatsatire mapepala athu akatheka.

M'imelomo anathokoza bwana wawo powakhulupirira kuyambira ali kalaliki wamba, ndi powalola kuweruka msanga masiku amene ankalemba mayeso. Anapereka notisi ya mwezi umodzi. Analonjeza kuti asanachoke adzafananitsa mabuku onse ndi masitetimenti a ku banki, adzatumiza za msonkho za mwezi umenewo, ndipo adzaphunzitsa wolowa m'malo mwawo. Kumapeto analemba kuti ngakhale atapita, adzapezeka pa foni nthawi iliyonse imene kampani idzawafuna.

Ndinakonza mawu angapo, ndinachotsa "zikomo" mmodzi chifukwa analipo ambiri. Ndinawanyadira. Ndinaganiza kuti munthu wosiya ntchito mwaulemu chonchi sangasiye banja mwachisawawa.

Mwezi wa notisi uja sitinawaone. Bwana analemba ntchito mtsikana wina amene anali atangomaliza maphunziro, ndipo bambo ankakhala naye mu ofesi mpaka dzuwa kulowa. Loweruka ankawerenga katundu m'sitolo, matumba a simenti limodzilimodzi. Anamulembera mtsikanayo zonse: tsiku lotumiza msonkho wa pa malipiro, tsiku la VAT, makasitomala ovuta, fayilo imene maodita amayamba kufunsa. Kunyumba ndikati tikambe za alandilodi amene ankafuna kukweza lendi, kapena za mankhwala a BP a apongozi anga ku Dedza, yankho linali limodzi.

"Tikambirana, amayi. Ndingomaliza handova."

Tsiku loti mawa anyamuka anandipatsa kafoni kakang'ono ka mabatani, kakale, kong'aluka pagalasi. Anandifotokozera kuti malipiro a antchito ndi misonkho amazilowetsa pa kompyuta ku banki, kenako bwana amavomereza pa foni yawo. Wolowetsayo akafuna kutsegula, banki imatumiza manambala achinsinsi pa nambala ya foni imene inalembetsedwa, ndipo nambalayo inali ya bambo. Kuti banki isinthe dzina ndi nambala pankafunika kuti eni kampani onse awiri asaine, koma mwini wachiwiri, mng'ono wa bwana, anali atakangana ndi mkulu wake ndipo sankapondako ku Biwi. Simuyo bambo sanafune kuisiya ku ofesi chifukwa inali m'dzina lawo.

"Mtsikana uja akaimba, mungomuwerengera manambala amene abwerewo. Ndi za masabata ochepa chabe. Musakazimitse."

Sindinaganize n'komwe kuti pasiwedi ya munthu wosiya ntchito siyenera kugwiritsidwa ntchito ndi wina. Ndinangoti chabwino.

Masabata ochepa aja anakhala miyezi. Kafoniko kankagona m'chikwama changa, n'kumadya nawo magetsi a yuniti zathu. Manambala a ku banki sachedwa kufa, ukazengereza pang'ono amafuna ena. Choncho kakalira ndinkasiya chilichonse. Ndinawerengapo manambala ndili m'minibasi pa Mchesi, kondakitala akundikuwira za chenje. Ndinawerengapo ndili pa maliro, nditabisala kuseri kwa khitchini. Kawirikawiri kankalira ndili m'kalasi, ndipo ahedi anandiitanapo kuti andifunse ngati ndayamba geni ya ndalama za pa foni.

Ndalama bambo ankatumiza, sindingawanamizire. Mwezi wina zochuluka, mwezi wina zochepa. Chimene chinayamba kusowa ndi mawu awo. Poyamba ankaimba Lamulungu lililonse, n'kutionetsa chipinda chawo ndi chijasi chimene anagula. Kenako ankati atopa. Kenako ankati nthawi ikusiyana, ngati kuti ola limodzi kapena awiri ndi mtunda. Ndikafunsa za mapepala athu ankati malamulo asintha, malipiro awo sakukwana kuti aitane banja, tidikire.

Mwana wathu wamkazi atasankhidwa kupita ku sekondale, ndinawatumizira uthenga pa WhatsApp, ndi chithunzi cha mwanayo akuseka. Anawerenga. Timizere tija tinasanduka tabuluu. Mwanayo ankabwera kudzasuzumira pa foni yanga m'mawa ndi madzulo. Patatha masiku kunabwera kachithunzi ka chala chachikulu, basi.

Sabata yomweyo mtsikana wa ku ofesi anaimba kufuna manambala. Anali mwana waulemu, sankayamba asanandifunse za kunyumba. Nditamuwerengera anati:

"Koma amayi, muli ndi mwayi. Abambo ndi munthu wabwino. Dzulo VAT inandisokoneza, tinakhala pa foni mpaka batire kutha, anandilondolera mzere ndi mzere. Ndikangowalembera sachedwa kuyankha."

Ndinati zikomo. Ndinabwerera m'kalasi n'kupitiriza kulemba pa bolodi, koma ana anandiuza kuti ndabwereza chiganizo chimene ndinali nditalemba kale.

Mwezi umenewo unatha Lachisanu. Kafoni kanalira ndikuphunzitsa Sitandade 6. Ndinakatulutsa, ndinaona dzina la mtsikana uja, ndinaona uthenga wa ku banki ukulowa, ndipo ndinakaika pa tebulo chafufumimba. Kanalira, kanaleka, kanaliranso. Ana ankandiyang'ana. Ndinawauza kuti atsegule mabuku.

Belu la buleki lisanalire, foni yanga yeniyeni inaitana. Nambala ya kunja. Ndinatuluka n'kukaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa zimbudzi.

"Amayi, chikuchitika n'chiyani? Foni ija yatayika?"

"Ilipo."

"Nanga bwanji simukuyankha? Anthu akudikira malipiro. Abwana andiimbira okha."

"Mwadzuka bwanji, abambo?"



"Musandichititse manyazi. Ndinawalonjeza anthu aja, ndinachita kulemba. Dzina langa lili pamenepo."

"Mwana wanu wasankhidwa ku sekondale."

"Ndinaona. Ndinayankha."

"Kodi ife tikubwera kumeneko kapena ayi? Mundiuze lero, ndidziwe pokhala."

"Nkhani imeneyo si yokamba pa foni."

"Nanga tikambira pati?"

"Amayi, ndili pa ntchito. Muwerengereni mwanayo manambala, zinazo tikambirana."

Ndinadula. Aka kanali koyamba kuwadulira foni chikwatiranireni. Kafoni kaja nako ndinakazimitsa.

Ndinkadziwa amene ndikuwalanga, ndipo sanali bambo. Loweruka m'mawa kunabwera mayi wina wa mumpingo mwathu, amene amuna ake amayendetsa lole ya kampani yomweyo. Anakhala pa khonde osafuna kulowa. Sanandikalipire. Anangoti alandilodi awo awapatsa mpaka Lamulungu, ndipo amva kuti nkhani yagona pa foni imene ili kwa ine. Ndinamupatsa ufa ndi kandalama kamene ndinali nako. Analandira ndi manja awiri, koma sanandiyang'ane kumaso. Mpaka lero tikakumana ku kwaya timangopatsana moni wa pakamwa.

Lolemba ndinapempha ahedi, ndinakwera kabaza mpaka ku Biwi. Ndinadutsa pakati pa anyamata osenza simenti, onse mbuu, ndipo ena anasiya kulankhula atandiona. Mtsikana uja anali pa desiki imene inali ya bambo, maso otupa. Ndinayatsa kafoni, iye anatsegula kompyuta, ndinamuwerengera manambala komaliza. Kenako ndinalowa kwa bwana n'kukaika pa tebulo pawo pamodzi ndi chaja.

Bwana anali munthu wamkulu thupi, wolankhula mofatsa. Anaitanitsa Fanta.

"Amayi, mwatizunza weekendi yonse," anatero akuseka pang'ono. "Koma ine ndimaganiza kuti pofika pano munapita kale. Mukadali ku Kawale?"

"Tikadali konko."

"Zitheka, zitheka. Amuna anu ndi munthu wosunga mawu. Ine anthu ambiri andisiyira ntchito. Wina amangosowa, wina amapita ndi makiyi a sefa. Koma iwo! Imelo yawo ndinaisindikiza, ndimawaonetsa anyamatawa kuti aphunzire kutsanzika. Mpaka lero akutithandiza, osapempha ngakhale tambala."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanasinthire nambala ku banki miyezi yonseyi. Anakanda kumutu n'kunena kuti zinthu zinkayenda, ndiye panalibe chothamangira. Potuluka anafuna kundipatsa ya transipoti. Ndinakana, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, dzuwa lili paliwombo.

Sabata isanathe mng'ono wa bwana anasaina. Zinangotengera ulendo umodzi wa galimoto kupita ku Area 47 kumene amakhala. Mtsikana uja ndi amene anandiuza, tsiku limene anabweretsa kafoni mu envulopu. Anapepesa kwambiri, ngakhale iye sanalakwe kanthu.

Bambo sanaimbe mwezi wotsatira, kapena winawo. Ndalama zinabwera, ndi uthenga wa mzere umodzi wonena za fizi. Apongozi anga atamva nkhaniyi anati ndinachita mwano, mkazi sachititsa mwamuna manyazi kwa abwana ake. Mankhwala awo ndimawatumizirabe ndine pa minibasi ya ku Dedza.

Lendi itakwera tinasamukira ku Area 23, nyumba ya zipinda ziwiri, mpope wa panja wogawana ndi mabanja ena. Pasipoti zathu zili m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo ya mwana wamwamuna yatsala pang'ono kutha ntchito. Wamkazi uja tsopano ali Fomu 3. Bambo ake amaimba pa Khrisimasi ndi pa tsiku lake lobadwa. Amalandira foni ataimirira, amayankha kuti ali bwino, sukulu ili bwino, mng'ono wake ali bwino. Akamufunsa ngati amayi ali pafupi, amandiyang'ana kaye. Ndikapukusa mutu amati ndapita kumsika.