Ngamila m'funso la atutori

Zaka zimene tinkaphunzira yunivesite ya patali ndimazikumbuka ndi fungo la mtedza wokazinga. Tinali aphunzitsi a pulayimale a ku Chipera, anthu akuluakulu, ena a imvi kale, koma Loweruka lililonse tinkakwera kaphiri ka kuseri kwa sukulu ngati ana okatchera mbewa, mafoni m'mwamba, kusaka rede, pakuti m'mudzimo foni sinkagwira. Pamwambapo panali mwala wathyathyathya, ndipo tinkati ndiye kalasi yathu. Atutori, amene ankatiphunzitsa ali mumzinda wa Tete, ankatumiza ntchito pa foni. Ife tinkalemba pamanja, n'kujambula mapepalawo, n'kutumiza.

Mtedzawo ankabwera nawo mnzanga wina amene ankaphunzitsa kalasi yoyamba. Ndinkamutchula kuti mana, monga timaitanirana alongo kuno. Anabadwira ku Zambia makolo ake atathawa nkhondo, ndipo sukulu anayambira komweko m'Chingerezi. Chipwitikizi anachiphunzira atakula. Chocheza ndi chophunzitsira ana ankachitha bwino, koma cha m'mabuku a ku yunivesite, cha ziganizo zazitali ngati msewu wa ku Malowera, chinkamutulutsa thukuta. Tinkamuseka, iyenso nkumaseka. Koma pa kumvera aphunzitsi panalibe womuposa. Atutori akanati tilembe titaima ndi mwendo umodzi, iye akanafunsa kuti wakumanja kapena wakumanzere.

Chaka chimenecho ndi chimene loboti ya pa foni inafika pamwala pathu, ija umailembera funso iyo n'kukuyankha ndime zosalala. Walira mvula walira matope. Ena anayamba kungokopera funso lonse, kulimata mu loboti, yankho n'kulitsanzira papepala. Mana sankatero. Iye ankamata funsolo n'kuuza lobotiyo kuti imumasulire m'Chingerezi basi, kenako n'kukhala pansi ndi bolopeni yake masiku angapo.

Tsiku lina inabwera ntchito yaikulu, yofunsa mmene tingaphunzitsire kuwerenga ana amene kwawo salankhula Chipwitikizi. Wolephera ntchitoyi sakanaloledwa kulemba mayeso otsiriza. Tili pamwala, mana anandikoka chitenje.

"Mana, inu ngamila mwaiika pati?"

"Ngamila yanji?"

"Ija atutori akuti tiitchule m'yankho."

Ndinaseka mpaka kutsamwa mtedza. Ndinaganiza kuti lobotiyo yasokoneza pomasulira, ndipo ndinamuuza choncho. Iye anapukusa mutu, nati aphunzitsi salemba chinthu popanda chifukwa. Sabata yonse anavutika nayo nyama imene sanaionepo. Mapeto ake analemba za kamtsikana ka m'kalasi mwake kamene kankadziwa pamtima vesi la ngamila ndi diso la singano, nafotokoza kuti mwana amazindikira msanga zilembo za mawu amene anawamva kale kutchalitchi m'chilankhulo chake. Anandiwerengera. Ndinachita nsanje, chifukwa yanga inali youma.

Zotsatira zitatuluka, mana anali ndi ziro, pambali pake mawu akuti chinyengo.

Atutori anafotokoza okha pa gulu lathu la pa foni, ndipo zinkamveka kuti akunyadira. Pansi pa funsolo anali atabisa chiganizo cholembedwa ndi zilembo zoyera zing'onozing'ono. Pa tsamba loyera diso silichiona, koma ukakopera funso lonse nachonso chimatengeka, ndipo loboti imachiwerenga ngati mawu ena onse. Chinkati, m'yankho lanu tchulani ngamila. Aliyense wotchula ngamila, iwo anati, wadzigwiritsa yekha.

Sindiwanena kuti anali munthu woipa. Anali atatopa ndi kuwerenga mayankho ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ndipo ena amene anawakola anali akubadi. Koma pamwala pathu pomwepo panali bambo wina amene tonse tinkadziwa kuti samalemba yekha. Iye foni yake inkakana kukopera, choncho ankajambula funsolo pa foni ya mnzake n'kupatsa loboti chithunzicho. Zilembo zoyera sizituluka pa chithunzi. Anakhoza bwino kwambiri, ndipo tsikulo mtedza anadya ndi mtima wonse.

Mana sanalire. Anangoti, "Ndiye kuti ndinamvera bodza?"

Loweruka lotsatira tinawaimbira atutori tili pamwala, foni titaikweza mawu. Mphepo inkadula mawu, ndipo mana ankayankhula ataimirira, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Apulofesa, pepani. Funso ndinaliikadi m'makinamo, koma kuti andimasulire. Yankho ndi langa."

"Amayi, ndinanena kuti ntchitoyi isadutse mu loboti."

"Munanena kuti isatilembere, apulofesa. Sinandilembere. Chiganizocho chinatuluka pamodzi ndi zina zonse, ndiye ine ndikanadziwa bwanji kuti chimenechi chokha n'chosamvera?"

Kenako atutori anayamba kumufunsa za ntchitoyo, ndime ndi ndime. Mana anayankha m'Chipwitikizi chake chopunthwa, nafotokoza za kamtsikana kaja, kumene kamakhala m'kalasi, ndi chilembo chimene kankachitembenuza. Atutori anapumira m'mwamba. Anavomera kuti msampha wawo umangoonetsa kuti funso ladutsa m'makina, osati amene walemba yankho. Anati pochitchera ankaganiza za aulesi a mumzinda, sanaganize za munthu wofuna kumva funso.

Mawu akuti chinyengo anawafufuta. Koma mayina a olemba mayeso anali atapita kale ku likulu la yunivesite, ndipo iwo anati zimenezo sizilinso m'manja mwawo. Mana anayenera kubwereza phunzirolo chaka chotsatira. Ife tinakwera lole kupita kukalemba mayeso, iye anatiperekeza mpaka pamsewu, natipatsa mtedza wa paulendo m'kapulasitiki. Zinandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Komabe ndikamakumbuka nthawi imeneyo, chimene chimabwera poyamba si ziro uja. Ndimakumbuka mana akutiphunzitsa nyimbo za ku Zambia podikira kuti tsamba litsegule, ng'ombe zikudya m'munsi mwathu, ndi mkangano wa amene wamaliza mamega a intaneti a mnzake. Tinali osauka nthawi ndi tulo, koma tinali pamodzi. Gululo linabalalika titamaliza. Ena anawasamutsira ku Chiputo, kumene nthawi ya dzinja munthu umangomumva mbiri.

Chaka chobwerezacho, mana anafika kwathu masana ena, thukuta lili kamukamu, njinga ataitsamiritsa pa nkhokwe. Ntchito yatsopano inali itabwera, yochokera kwa atutori ena. Anali ataphunzira kuti ukakopera funso n'kulimata pamalo olembera uthenga, zobisika zonse zimaonekera, ndipo anali atachita kale zimenezo. Anandipatsira foni.

"Mana, tandionereni. Mulibe china umu?"

Ndinawerenga mzere uliwonse, ndinayerekeza ndi tsamba la atutori. Zinali zofanana ndendende.

"Mulibe kanthu. Funso lake ndi lomweli."

Anaitenga, nakhala pa mkeka, nayang'ana foniyo nthawi yaitali. Munthu uja amene mawu a mphunzitsi ankawalandira ndi manja awiri anandibwezeranso foniyo.

"Tayang'ananinso," anatero.